Macbeth sangafupikitsidwe ndi kandimverere

Nyengo yozizira ikamayandikira, ana a fomu 4 amasintha kayendedwe. Amadzuka kusanache, amagona mochedwa, ndipo m'zikwama mwawo mumadzaza timapepala ta fotokope tomata ndi kawaya pakona. Mwa timapepala timeneti pali kena kamene kamandiwawa mtima ndikakaona: chifupikitso cha sewero la Macbeth, masamba asanu ndi limodzi kapena asanu ndi atatu, cholembedwa ndi munthu amene dzina lake nthawi zambiri silionekapo. Tsamba loyamba ndi nkhani yonse. Lachiwiri ndi mndandanda wa apangankhani, aliyense ndi mawu atatu omufotokoza. Kenaka pamabwera mfundo zazikulu zitandandalikidwa ngati tomato pamsika, ndipo kumapeto kuli mizere makumi anayi yoti mwana aloweze. Mwana amagula, n'kuika bukulo pansi pa matiresi, mtima uli m'malo kuti Shakespeare wathana naye.

Ndaphunzitsa sewero limeneli kwa ana okonzekera mayeso a MSCE, ndipo ndinena mosapsatira: kapepala kameneka kamabera mwana malikesi, komanso kamamubera chinthu chenicheni chimene anabwerera m'kalasi. Akuluakulu anati kandimverere anakanena za m'maluwa. Wolemba pamfuleti ndi kandimverere. Anapita kukamvera sewerolo m'malo mwa mwana wanu, ndipo chimene wabwera nacho ndi makoko.

Musandimve molakwa. Sindikudana ndi kufupikitsa. Palibe munthu angalowe m'chipinda cha mayeso atasenza sewero lonse m'mutu. Ngakhale Macbeth ndi lalifupi kuposa masewero onse achisoni a Shakespeare, linalembedwa cha m'ma 1606, m'Chingerezi chimene ngakhale ana a ku England a lero amachiwerenga ndi mtanthauziramawu pambali. Kwa mwana amene kunyumba amalankhula Chichewa, Chiyao kapena Chitumbuka, magawo asanu amenewa ndi mtunda wautali. Kufupikitsa n'kofunika. Chimene ndikukana ndi kuti wina afupikitse m'malo mwake, chifukwa phindu la chifupikitso silili pa pepalalo. Lili pa ntchito yosankha chotaya ndi chosunga, ndipo ntchito imeneyo siigulidwa.

Taonani mmene mapamfuleti ambiri amayambira. Afiti atatu anauza Macbeth kuti adzakhala mfumu. Ndiyeno anauza mkazi wake. Ndiyeno anapha Mfumu Duncan. Ndiyeno anakhala mfumu. Palibe bodza m'ziganizo zimenezi, koma mawu oti "ndiyeno" adya sewero lonse. Wofunsa mayeso safuna kudziwa chimene chinatsatira chinzake. Amafuna kudziwa chimene chinabala chinzake. Chifupikitso chabwino chimamangidwa ndi "chifukwa", "motero" ndi "komabe", ndipo kuti mwana alembe mawu amenewa ayenera kutsegula buku.

Tiyeni titsegule gawo loyamba. M'kachigawo kachitatu, afiti akulonjera Macbeth ndi maudindo atatu: unduna wa Glamis umene ali nawo kale, unduna wa Cawdor, ndi ufumu wam'tsogolo. Kwa Banquo akunena kuti iye sadzavala chisoti, koma adzabala mafumu. Werengani mawu awo mobwereza: palibe pamene atchula za kupha. Ngakhale dzina la Duncan salitchula. Ross ndi Angus atangofika ndi uthenga woti unduna wa Cawdor ndi wakedi, Macbeth akupatuka pambali n'kuyamba kudzilankhula, ndipo ndi iyeyo amene akuyamba kuona chithunzi cha kupha m'maganizo mwake, mpaka tsitsi kumuima. Pakutha pa kachigawoko wadzikhazika mtima pansi: ngati mwayi ukufuna kumuveka ufumu, umuveka wokha iye osakhudza kanthu. Nanga chasintha n'chiyani? Kachigawo kachinayi, kamene mapamfuleti ambiri amakadumpha. Duncan akulengeza pamaso pa onse kuti mwana wake Malcolm ndiye wolowa ufumu, n'kumupatsa udindo wa Kalonga wa Cumberland. Khomo la mwayi latsekeka pamenepo. Macbeth akuona kuti Malcolm ndi chopinga chimene ayenera kuchidumpha kapena kupunthwa nacho.

Mwana amene wawerenga izi alemba chiganizo chotere: "Macbeth anaganiza yekha za kupha atangomva ulosi, anadziletsa poyembekezera mwayi, koma maganizowo anabwerera chifukwa Duncan anasankha Malcolm." Chiganizo chimodzi, koma chimayankha mafunso atatu kapena anayi a mayeso. Mwana wa pamfuleti alemba kuti afiti anamuuza Macbeth kuti aphe mfumu. Ndachonga chiganizo chimenechi kambirimbiri pa mayeso oyeserera, ndipo ndi cholakwika.

Pali chifukwa chimene cholakwika chimenechi chimamera msanga kwathu kuno. Ife tinazolowera kuti munthu wabwinobwino akachita choipa mwadzidzidzi, timafunafuna amene wamulodza, ndipo tikamusowa timaloza mkazi. Mwana akangomva kuti m'nkhani muli afiti ndi mkazi wolimba mtima, mlandu wauweruza kale: anamulodza, ndipo mkaziyo anamaliza. Koma sewero lonse laimirira pa kukana chiweruzo chophweka chimenechi. M'kachigawo kachisanu ndi chiwiri Macbeth ali yekha, palibe mfiti pafupi, ndipo akudziwerengera zifukwa zosaphera Duncan mwadongosolo ngati nkhoswe pa bwalo: ndi mbale wake, ndi mfumu yake, ndi mlendo wogona m'nyumba mwake amene iye anayenera kumutsekera chitseko kuti achiwembu asalowe, komanso ndi mfumu yofatsa yopanda banga. Akuvomera kuti kumbali inayo alibe chifukwa china koma khumbo la udindo. Munthu wolodzedwa sawerengera chonchi. Akuuza mkazi wake kuti nkhaniyi ithere pomwepo. Mkaziyo akumutembenuza, inde, pomunyoza kuti si mwamuna ndi pomuonetsa njira yokankhira mlandu kwa alonda awiri oledzeretsedwa. Koma amene akutembenuzidwayo akudziwa bwino chimene akuchita. Chifupikitso chimene chataya kachigawo kameneka chasandutsa sewero la munthu wosankha kukhala nthano ya munthu wogwidwa ndi mankhwala.

Ndiye afupikitse bwanji? Njira imene ndaiona ikugwira ntchito ndi yosavuta kufotokoza, ngakhale imafuna thukuta. M'mabuku ambiri sewero ili lili ndi tizigawo 28: tisanu ndi tiwiri m'gawo loyamba, tinayi m'lachiwiri, tisanu ndi kamodzi m'lachitatu, titatu m'lachinayi, ndi tisanu ndi titatu m'lachisanu, ngakhale osindikiza ena amadula nkhondo yomaliza m'tizigawo tochulukirapo. Mwana akamaliza kuwerenga kachigawo, atseke buku, alembe chiganizo chimodzi chokha. Chiganizocho chinene amene wasankha kanthu, chimene wasankha, ndi chifukwa chake. Kutseka buku n'kofunika, chifukwa likakhala lotsegula dzanja limangokopera. Akalephera kulemba, ndiye kuti sanamve, ndipo ndi bwino kuzindikira zimenezo mu Febuluwale kusiyana ndi m'chipinda cha mayeso. Akamaliza sewero lonse ali ndi ziganizo 28 zake zake, zokwana masamba awiri a kope.

Kenaka ifike ntchito yowawa: kudula ziganizo 28 kuti zitsale khumi. Apa ndiye pamene kuphunzira kwenikweni kumachitikira. Kodi kachigawo ka Hecate, mkulu wa afiti, m'gawo lachitatu katsale? Ukakachotsa palibe chimene chimagwa, ndipo akatswiri ambiri amakhulupirira kuti anakawonjezera ndi wolemba wina, Thomas Middleton. Kachoke. Nanga kachigawo komaliza ka gawo lachiwiri, kamene kamaoneka ngati macheza a Ross ndi nkhalamba ina? Mwana wofulumira amakataya. Koma m'menemo ndi mmene Macduff akunena kuti sapita ku Scone kukaona Macbeth akuvekedwa ufumu, abwerera kwawo ku Fife. Kukana kumeneko ndi mbewu ya udani umene udzathe ndi mutu wa Macbeth uli m'manja mwa Macduff. Muyeso wake ndi umenewu: chotsa chiganizocho, uone ngati china cham'tsogolo chatsala chopanda chifukwa. Chikatsala chopanda chifukwa, bweza.

Ziganizo khumizo zikaima, msana wa sewerolo umaonekera wokha. Ndi kupha kutatu, ndipo kulikonse n'kosiyana ndi kunzake. Duncan akuphedwa ndi dzanja la Macbeth mwini, atalimbana ndi mtima wake nthawi yaitali, pulani yonse ili ya mkazi wake, ndipo ife oonera sitionetsedwa; timangoona manja a magazi pambuyo pake. Banquo akuphedwa ndi anthu aganyu, pamaso pathu, ndipo mkazi uja sakuuzidwa. Atafunsa, mwamuna wake akumuuza kuti akhale osadziwa mpaka adzayamikire ntchito itatha. Apa chifukwa chikadalipo, ngakhale choipa: ulosi unati ana a Banquo adzalowa ufumu, ndipo Macbeth sakufuna kuti adetse moyo wake chifukwa cha mbumba ya munthu wina. Fleance, mwana wa Banquo, akuthawa, motero ngakhale cholinga chimenecho chalephereka. Kupha kwachitatu ndi kwa mkazi wa Macduff, ana ake ndi antchito ake. Macduff mwini wathawira kale ku England, ndipo Macbeth akudziwa. Palibe chimene apindule. Walumbira kuti kuyambira tsopano chimene mtima waganiza, dzanja lichite nthawi yomweyo. Kamnyamata kakubayidwa pamaso pathu kakucheza kumene ndi mayi ake.

Mwana amene waika kupha kutatuku pa tsamba limodzi, n'kufunsa pa kulikonse kuti wapha ndani, analingalira nthawi yaitali bwanji, mkazi anadziwa kapena ayi, ndipo phindu linali chiyani, ali ndi chida choyankhira pafupifupi funso lililonse lokhudza Macbeth. Ndipo njirayi si ya sewero lokha. Amene akuwerenga Things Fall Apart ya Chinua Achebe, buku la mitu 25, apezanso imfa zitatu zochokera m'manja mwa Okonkwo: ya Ikemefuna, ya mwana wa Ezeudu imene inachitika mwangozi pa maliro, ndi ya mesenjala wa boma kumapeto. Buku lililonse lalitali lili ndi chinthu chimene chimabwerabwera chikusintha nkhope, ndipo wofupikitsa ayenera kuchipeza.

Tsopano za apangankhani. Pamfuleti imati Macbeth ndi wolimba mtima, wokhumba udindo, wankhanza. Mkazi wake ndi wochenjera, wankhanza, wolamulira mwamuna. Banquo ndi wokhulupirika. Ndimafunsa ana: wankhanza liti? Wolamulira mwamuna mpaka pati? Mpangankhani wa sewero si chithunzi chopachika pakhoma. Ndi munthu wapaulendo, ndipo funso la mayeso limafuna kudziwa kumene wachokera, kumene wafika, ndi pamene anakhotera.

Banja la Macbeth likuonetsa izi bwino kwambiri, chifukwa awiriwa akuyenda mosemphana ngati anthu opambana pa mlatho. Usiku wa imfa ya Duncan, mwamuna ndiye akunjenjemera. Wabwera ndi mipeni imene anayenera kuisiya kwa alonda, akukana kubwerera kukaona zimene wachita, akumva mawu omuuza kuti sadzagonanso tulo, ndipo akukhulupirira kuti ngakhale nyanja yonse singatsuke dzanja lake. Mkazi ndiye akutenga mipeniyo, kukapaka alonda magazi, n'kubwera akunena kuti timadzi pang'ono tikwanira. Pitani ku kachigawo koyamba ka gawo lachisanu. Amene akuyenda ali m'tulo, kandulo ili m'manja, akupukutapukuta banga losaoneka, dokotala ndi mdzakazi akumvetsera, ndi mkazi uja. Mwamuna wafika poti kulira kwa akazi m'nyumba sikumudzidzimutsanso. Ndipo pamene anakhotera pakuoneka: pa phwando la m'gawo lachitatu, mzukwa wa Banquo utakhala pa mpando wa mfumu. Ndi nthawi yomaliza imene mkaziyo akuyesa kuphimba manyazi a mwamuna wake, ndiponso ndi nthawi yomaliza imene tikuwaona awiriwa ali limodzi. Mwana amene analoweza kuti Lady Macbeth amalamulira mwamuna wake wafotokoza magawo awiri oyamba okha, ndipo wataya atatu.

Chinanso chimene mapamfuleti amachilemba ngati chotsimikizika ndi chakuti mkaziyu anadzipha. Sewero silitionetsa zimenezo. Timamva kulira, wantchito akubwera kudzanena kuti mfumukazi yamwalira, ndipo kumapeto kwenikweni Malcolm akunena kuti anthu akuganiza kuti inadzichotsa moyo. Mwana wolemba kuti "zikumveka kuti" waonetsa kuti anawerenga, ndipo wochonga wodziwa ntchito yake amaona kusiyanako.

Banquo naye musamupatse mawu amodzi. Kumayambiriro kwa gawo lachitatu ali yekha, akunena poyera kuti akukayikira kuti mnzakeyo wapeza ufumu mwachinyengo. Akuchitapo chiyani? Palibe. Akudzitonthoza kuti ngati ulosi wakwaniritsidwa pa Macbeth, mwina ukwaniritsidwanso pa mbumba yake. Ndi munthu amene sanaphe, koma anakhala chete. Pano mbiri pang'ono imathandiza. M'buku la Holinshed la 1587, mmene Shakespeare anatapamo nkhaniyi, Banquo anathandiza nawo chiwembu. Koma Mfumu James, amene anachokera ku Scotland n'kukhala pa mpando wa England mu 1603, ankadziwerengera kuti ndi wa mbumba ya Banquo, ndipo gulu la zisudzo la Shakespeare linali pansi pa dzina la mfumuyo. Wolemba anamuyeretsa Banquo manja, koma anamusiyira kachikayiko. Mbiri yotere ndi yoyenera kulowa m'chifupikitso chifukwa ikumasulira chinthu chimene chili m'seweromo. Tsiku lobadwa la Shakespeare ndi mayina a ana ake, zimene mapamfuleti amadzaza nazo tsamba loyamba, sizimasulira kanthu.

Pa mfundo zazikulu ndiye pamene ndimakangana kwambiri ndi aphunzitsi anzanga. Timalemba pa bolodi: khumbo la udindo, ufiti, chinyengo, kutsutsika mumtima. Amenewo ndi mawu chabe. Ufiti si mfundo, monga mmene chimanga si nsima. Mfundo ndi chiganizo chimene munthu wina angatsutse, ndipo iwe n'kuchiteteza ndi umboni. Tengani nkhani ya umuna, imene ambiri saitchula n'komwe. Mkazi wa Macbeth akumukankhira ku chiwembu pomuuza kuti akachita ndiye adzakhala mwamuna. M'gawo lachitatu Macbeth akugwiritsa ntchito chikwapu chomwecho pa anthu aganyu aja, kuwafunsa kuti ndi amuna a mtundu wanji amene angalekerere Banquo. Pa phwando, mkazi akumunong'oneza funso lomwe lija pamene akuopa mzukwa. Kenaka ku England, Ross akubwera ndi uthenga wa imfa ya banja la Macduff. Malcolm akumuuza kuti alimbe ngati mwamuna, ndipo Macduff akuyankha kuti atero, koma ayenera kuyamba wamva ululuwo ngati mwamuna. Mwana amene watsatira ulusi umenewu alemba kuti: "Sewero likuonetsa kuti umuna woyezedwa ndi kukhetsa magazi umawononga, ndipo kudzera mwa Macduff likuika pambali pake umuna umene umalira." Chimenecho ndi chiganizo cha mfundo, ndipo chabwera ndi malo anayi a umboni. Ndime zinayi za yankho zakonzeka kale. Mfundo zinayi kapena zisanu zomangidwa chonchi zimaposa mawu khumi ndi awiri a pa bolodi.

Tifike pa mizere yoloweza. Makumi anayi ndi yambiri, ndipo zotsatira zake ndimaziona: mizere yothyoka pakati, yoikidwa m'kamwa mwa munthu wolakwika, kapena yoponyedwa m'ndime imene siikugwirizana nayo, ngati mchere wothira m'tiyi. Khumi ndi iwiri ikwanira, ndipo uliwonse ukhale waufupi, mawu osapitirira asanu ndi atatu, kuti usathyoke. Koma mzere wopanda keyala ndi wachabe. Pambali pa uliwonse mwana alembe wolankhula, womvera, gawo ndi kachigawo, ndi chimene changochitika kumene. Sindikopera mizereyo pano. Ili m'bukumo, ndipo mwana akaitape yekha.

Keyala imasintha tanthauzo. M'kachigawo kachinayi ka gawo loyamba, Duncan akudandaula za nduna yakale ya Cawdor imene inamupandukira, kuti nkhope ya munthu siiulula za mumtima. Pamfuleti imaika mzerewu pansi pa mutu wa chinyengo, basi. Koma mphamvu yake ili pa chimene chikutsatira: asanatseke pakamwa, Macbeth akulowa, ndipo mfumu ikumulandira ndi manja awiri, nduna yatsopano ya Cawdor. Mfumu yanena phunziro, n'kulephera kuligwiritsa ntchito mphindi yomweyo. Chimodzimodzi mawu otchuka a m'gawo lachisanu ofanizira moyo ndi nthano yopanda tanthauzo. Ana amawalemba ngati nzeru za Shakespeare zokhudza moyo wa munthu aliyense. Ayi. Akulankhula ndi munthu amene wangouzidwa kuti mkazi wake wafa, amene nduna zake zikumuthawa, amene anagulitsa zonse kuti agule mpando. Ndi moyo wakewo umene wauma.

Ndipo mizere ilowezedwe iwiriiwiri. Timadzi tochepa ta usiku wa chiwembu tiyende limodzi ndi banga losachoka la m'gawo lachisanu. Mawu a afiti osakaniza chabwino ndi choipa m'kachigawo koyamba ayende limodzi ndi mawu oyamba kutuluka m'kamwa mwa Macbeth, amene akubwereza mawu awiri omwewo asanakumane nawo n'komwe. Mzere umodzi umangosonyeza kuti mwana analoweza. Iwiri yoyang'anizana imasonyeza kusintha, ndipo kusintha ndi kumene funso likufuna. Wina akaiwala mawu enieni, afotokoze m'mawu ake n'kutchula malo ake molondola. Zimenezo n'zabwino kuposa kupeka mzere n'kuuika m'zizindikiro za mawu a mwini.

Kodi mwana angadziwe bwanji kuti chifupikitso chake chapsa? Achipereke kwa mnzake, ndipo mnzakeyo amufunse mafunso oyamba ndi "chifukwa chiyani" okhaokha. Chifukwa chiyani anthu anakayikira Malcolm ndi Donalbain? Chifukwa anathawa, wina ku England, wina ku Ireland, bambo awo atangophedwa. Chifukwa chiyani Malcolm akudzinamizira makhalidwe oipa pamaso pa Macduff? Chifukwa akuopa kuti Macduff watumidwa ndi Macbeth, ndipo waphunzira pa bambo ake kuti kukhulupirira msanga kumapha. Chifukwa chiyani Macbeth sakuopa asilikali 10,000 ochokera ku England? Chifukwa masomphenya a m'gawo lachinayi anamulonjeza kuti wobadwa mwa mkazi sangamupweteke, ndi kuti sagonja mpaka nkhalango ya Birnam itayenda kufika ku Dunsinane. Nanga malonjezowo anasweka bwanji osakhala abodza? Asilikali anadula nthambi kuti abise chiwerengero chawo, ndipo Macduff anachita kung'ambidwa m'mimba mwa mayi ake nthawi isanakwane. Pamene mwana wayamba kuchita chibwibwi, pamenepo ndi pamene pali dzenje, ndipo abwerere ku kachigawo kameneko, osati ku pamfuleti.

Ndikudziwa chimene ambiri andiyankhe, ndipo ndi chomveka. Mabuku kulibe. Pali masukulu oyendera kumene ana khumi amagwirira buku limodzi, ndipo mphunzitsi ali ndi makalasi odzaza ndi silabasi yomuthamangitsa. Kodi pamfuleti si yabwino kusiyana ndi kukhala chimanjamanja? Ndinaphunzitsapo pa sukulu yotere, ndipo ululu wake ndimaudziwa. Koma taganizani. Sewero linalembedwa kuti limvedwe, osati kuwerengedwa mwakachetechete. Buku limodzi pakati pa ana khumi ndi vuto lalikulu pa masamu, koma pa sewero ndi gulu la zisudzo: wina akhale Macbeth, wina Banquo, atatu akhale afiti, otsalawo amvetsere n'kulemba chiganizo chawo chija. Kachigawo kamodzi pa tsiku, masiku asanu pa sabata, sewero latha masabata asanu ndi limodzi asanakwane. Tizigawo tambiri ta gawo lachisanu n'tatifupi moti tiwiri timatha pa nthawi imodzi. Komanso mawu a Shakespeare alibe mwini wolipiritsa, popeza iye anamwalira mu 1616. Amapezeka aulere ngakhale pa foni. Ndalama imene makolo amapereka kugula masamba asanu ndi atatu a kandimverere ikhoza kusindikiza tizigawo tenitenito timene tanyamula sewero: kachitatu ndi kachisanu ndi chiwiri ka gawo loyamba, kachiwiri ka gawo lachiwiri, phwando, masomphenya, ndi kuyenda m'tulo. Ndipo kukambirana kuchitike m'chilankhulo chimene ana amaganizira. Mwana amene wakangana ndi mnzake m'Chichewa ngati Banquo ali ndi mlandu kapena ayi, akafika polemba m'Chingerezi amakhala ndi chonena.

Kwa aphunzitsi anzanga amene amalemba ndi kugulitsa mapamfuleti, ndikudziwa kuti malipiro sakwana. Komabe ndikupemphani: ngati mulemba, lembani mafunso a kachigawo kalikonse ndi matanthauzo a mawu ovuta, zinthu zimene zimabweza mwana ku buku. Musalembe mayankho olowa m'malo mwa buku. Ndipo makolo, mwana akakupemphani ndalama ya pamfuleti, mufunseni kaye akuonetseni ziganizo zake 28.

Sewero lenilenilo lili ndi wofupikitsa wake. Pa mawu otsekera, Malcolm, mfumu yatsopano, akumanga banja lonse la Macbeth m'kamzere kamodzi: mwamunayo ngati wopha nyama, mkaziyo ngati chiwanda. Mapamfuleti amakonda mzere umenewu chifukwa ndi waufupi ndipo umamveka ngati chigamulo. Koma Malcolm sanali m'chipinda muja pamene Macbeth ankawerenga zifukwa zosaphera Duncan. Sanamve mkazi uja akuulula kuti akanabaya yekha Duncan chikhala kuti, ali m'tulo, sanafanane ndi bambo ake omubala. Sanaime pambali pa dokotala usiku wa kandulo. Ife oonera tinalipo. Ntchito yomaliza imene ndimapatsa ana sabata yoti alembe mayeso ndi imeneyi: ndimalemba mzere wa Malcolm pa bolodi, n'kuwauza kuti atchule tizigawo titatu timene mfumu yatsopanoyo siinaone, ndipo pa kalikonse alembe ndime imodzi yonena ngati chigamulocho chikuimabe.